Mzere wa diso ndiwo umakhazika sofa pansi

Ntchito yanga ndi yotenga chithunzi cha mpando, tebulo kapena sofa amene kalipentala wakhoma, n'kuchiika m'chithunzi cha chipinda kuti wogula aone mmene katunduyo adzaonekere ali pabalaza. Ambiri amene amayamba ntchitoyi amathera nthawi yawo podula m'mbali mwa sofa mosamala ndi kukometsa nsalu yake, koma chithunzi chikatha sofayo amaoneka ngati akuyandama, kapena ngati wachita kumatidwa pakhoma. Ine ndimati vuto silikhala pa kadulidwe. Chithunzi chilichonse chimasunga malo amene kamera inaima, kutalika kwake kuchokera pansi, ndi mbali imene kuwala kunachokera. Ngati chithunzi cha chipinda chikunena kuti wojambula anagwada, pamene cha sofa chikunena kuti anaimirira, ziwirizi sizingagwirizane ngakhale mutazisalaza usiku wonse. Choncho chinthu choyamba chimene ndimafuna m'chipinda, ndisanakhudze sofa n'komwe, ndi mzere wa diso, umene ndi mzere wopingasa wodutsa pa msinkhu umene kamera inali.

Kuupeza sikovuta. Tengani khoma la m'mbali, limene likuloza kutsogolo kuchoka kwa inu. Mzere wa pamene khomalo lakumana ndi siling'i umaoneka ukutsika, ndipo wa pamene lakumana ndi pansi umaoneka ukukwera. Talikitsani mizere iwiriyi ndi rula mpaka ikumane, ngakhale kunja kwa chithunzi. Pamene yakumanapo ndi pamene mzere wa diso umadutsa, ndipo mizere ya matailosi, ya pamwamba pa zenera ndi ya m'munsi mwake, yonse yoyenda mbali imodzi ndi khomalo, ithera pomwepo. Kenako ndimafunsa chitseko kuti kamera inali pamwamba bwanji. Zitseko zambiri za m'nyumba zathu zimatalika pafupifupi mamita 2. Ngati pachithunzi chitseko ndi masentimita 10, ndipo mzere wa diso wachidula pa masentimita 6 kuchokera pansi, ndiye kuti kamera inali pa masentimita 120. Nzeruyi si yatsopano. Leon Battista Alberti, m'buku lake lonena za kujambula limene analemba mu 1435 ku Florence, anaika malo okumanira mizere pa msinkhu wa munthu wojambulidwa, n'chifukwa chake m'zojambula zambiri za nthawi imeneyo mitu ya anthu oimirira imakhala pa mzere umodzi, wapafupi ndi wakutali yemwe, pamene mapazi awo okha ndiwo amakwera.

Phindu lenileni la mzerewu ndi loti umasanduka tepi yoyezera imene imagwira paliponse m'chipindamo. Sankhani malo alionse pansi, pafupi kapena kukona, ndipo mtunda wochoka pamenepo kukwera molunjika kukafika pa mzere wa diso ndi masentimita 120 omwewo. Tinene kuti tili ndi sofa wa anthu atatu, wotalika masentimita 210 m'litali, 90 kuchoka kutsogolo kufika kumbuyo, chotsamira chake chili pa 80 ndipo pokhalira pali pa 45. Ndimaika kadontho pansi pamene mwendo wakumbuyo udzaponde, n'kuyeza kuchoka pamenepo kufika pa mzere wa diso. Ndikapeza masentimita 9 pachithunzi, chotsamira chiyenera kufika pa masentimita 6, chifukwa 80 ndi magawo awiri mwa atatu a 120. Mwendo wakutsogolo uli pafupi ndi kamera, ndiye pamenepo mtunda womwewo ungakhale masentimita 12, ndipo pokhalira padzafika pa 4.5. M'litali ndimawerenga matailosi. Ngati ndi a masentimita 60, sofayo adya matailosi atatu ndi theka motsata khoma, ndi tailosi imodzi ndi theka kulowa m'chipinda. Ndikalumikiza madontho amenewa ndimakhala ndi bokosi lopanda kanthu, ndipo sofa ayenera kulowa m'bokosimo ndendende. Ngati sofa wagona motsata khoma, mizere yake ikumane pamalo amodzi ndi mizere ya khomalo. Ngati wapendekeka pang'ono kuloza ku wailesi ya kanema, mizere yake ikumana pena, komabe pa mzere wa diso womwewo. Ikakumana pamwamba kapena pansi pa mzerewo, sofayo aoneka ngati ali pachitunda.

Apa ndi pamene chithunzi chochokera ku shedi ya kalipentala chimagwira njakata. Kawirikawiri chimajambulidwa ndi foni, munthu ataimirira, foni ili pa masentimita 150 kapena kuposa, atayandikira kwambiri chifukwa malo ndi opanikiza. Kuchokera pamwamba chotero makushoni okhalira amaoneka otambalala, miyendo imabisika, ndipo mkono wa sofa umene uli pafupi ndi foni umakula kuposa unzake. Ena amanena kuti zonsezi zimakonzeka pa kompyuta, pokoka makona a chithunzi mpaka agwirizane ndi bokosi. Kukokako kumathandiza pa chinthu chafulati, monga kapeti kapena chithunzi chapakhoma. Pa sofa sikungathandize, chifukwa pali mbali zimene kamera yotsika ikanaona koma yokwera sinaone, monga kampata ka pansi pa sofa ndi miyendo yakumbuyo, ndipo zimene sizinajambulidwe simungazikoke. Mukawongola kutsogolo, pamwamba pamapindika. Njira yachidule ndi kubwerera kukajambulanso sofayo, kamera ili pa masentimita 120, pa mtunda wofanana ndi umene udzakhalepo m'chipindamo, ndi lenzi yomweyo, sofa atatembenuzidwa mofanana. Amene amagwiritsa ntchito Blender amatha kupeza malo a kamera ndi fSpy, imene imawerengera kuchokera ku mizere imene mwailozera, koma nayonso imadikira kuti muipatse muyezo umodzi weniweni. Mukaipatsa wolakwika, chipinda chonse chimakula kapena kuchepa mwakachetechete.

Kuwala kwa pazenera kumatsata lamulo lomwelo la kugwirizana, kungoti kumafuna diso lodekha. Zenera ndi gwero lalikulu la kuwala, choncho mithunzi yake imakhala yofewa, pamene dzuwa la pabwalo la kalipentala limasiya mithunzi yakuthwa ndi nsalu yothwanima pamwamba. Sofa wojambulidwa padzuwa la masana amalowa m'chipinda atanyamula dzuwalo pamsana, ndipo palibe chimene chingamuvule. N'chifukwa chake ndimamujambulira pakhonde kapena pakhomo la shedi, pamene kuwala kukulowa mbali imodzi, mbali yomwe zenera lili m'chipinda chija. Mthunzi umene ndimasamala kwambiri si wautali uja wogwa pansi, koma kakang'ono kakuda bii ka pamene mwendo waponda tailosi. Kamthunzi kameneka kamakhala kothina ndi kakuthwa pa mwendo penipeni, kenako kamafewa ndi kuzilala pamene kakutalikira mbali yosiyana ndi zenera. Kakasowa, sofa amauluka. Pansi pa sofa ponse pamafunika mdima wina wofewa, ndipo khoma la kumbuyo kwa chotsamira nalo limada pang'ono. Kuwala kumachepanso msanga mukamachoka pazenera, kotero mkono wa sofa woyandikira zenera uyenera kuwala kuposa wakutali. Ndiye pali mtundu. Kuwala kochokera ku thambo kumakhala kobiriwira pang'ono ngati thambolo, koma kumene kwagunda pansi n'kubwerera kumatenga mtundu wa pansipo. M'nyumba ya simenti yofiira yopakidwa polishi, m'munsi mwa sofa woyera mumayenera kufiirira pang'ono, ndipo pansi ponyezimirapo pamafunika kuonetsa miyendo yake mozondoka, mosaonekera kwambiri.

Wina anganene kuti wogula sadziwa za mzere wa diso, ndiye kuvutikiranji. N'zoona kuti sangatchule chalakwika, koma munthu aliyense wakhala akuona mipando ili m'zipinda kuyambira ali wakhanda, ndipo amangoti chithunzichi n'chopanga, kenako amayamba kukayikira ndi sofa yemwe. Chotsutsa champhamvu kuposa ichi ndi cha amalonda, amene amafuna sofa akulitsidwe pang'ono ndi kuwalitsidwa mbali zonse kuti akope maso. Pa kuwala ndimalolera pang'ono, chifukwa ngakhale wojambula ndi kamera amaika pepala loyera kumbali yamdima kuti libweze kuwala, ndipo nsalu iyenera kuoneka mtundu wake. Malire ake ndi akuti mbali yamdima isafike powala mofanana ndi ya kuzenera. Pa kukula sindilolera, pakuti apa chithunzi chikulonjeza chinthu choyezeka. Sofa wochepetsedwa kuti chipinda chioneke chotakasuka akafika kunyumba amatseka njira ya kukhitchini, ndipo wokulitsidwa amafika ngati wa ana. Mlandu umagwera kalipentala amene anakhoma molondola.

Njirayi ili ndi malire ake. Imadalira kuti pansi pakhale posapendekeka ndiponso kuti kamera inayang'ana molunjika, osawerama. Ikawerama, mizere yoimirira ya zitseko ndi makona imayamba kupanikizana chakumunsi, ndipo muyezo wa 120 uja umangokhala woyerekeza. Mafelemu a chitseko akapanda kuima chilili pachithunzi, ndimayamba ndawawongola, kapena ndimapempha chithunzi china.

Chovuta kwambiri ndi chipinda chimene dzuwa lenilenilo lalowa pazenera n'kugwa pansi, chifukwa kachigamba kowalako kali ndi malo ake owerengeka. Ku Lilongwe, kumene kuli pafupifupi madigiri 14 kumwera kwa ikweta, dzuwa la masana mu Juni limakhala chakumpoto, litakwera madigiri 53 kapena kuchepera pang'ono. Zenera loyang'ana kumpoto, loyambira pa masentimita 90 kufika pa 210, limaponya kuwala pansi kuyambira pafupifupi masentimita 70 mpaka 160 kuchoka pakhoma, ngati denga la khonde silinatchinge. Mu Disembala dzuwa lomwelo limakhala pafupifupi paliwombo, chakumwera pang'ono, ndipo pazenera limenelo sililowa n'komwe. Zithunzi za zipinda zogulidwa kuchokera ku Ulaya zimakhala ndi dzuwa lotsika lolowa mpaka mkati, lomwe kwathu kuno timaliona m'mawa ndi madzulo okha, pa mazenera a kum'mawa ndi kumadzulo. Sofa akaikidwa pamene kachigambako kagwa, kayenera kukwera pa mkono wake, kupindika pa kushoni, n'kusowa pansi kuseri kwake, pamodzi ndi mizere ya zitsulo za pazenera. Imeneyi ndi ntchito ya maola ambiri, ndipo chipinda chikalola ndimasuntha bokosi lija ndi tailosi imodzi kuti sofa akhale kunja kwa dzuwalo, kenako ndimayezanso chotsamira kuchokera pa kadontho katsopano.