Zimene ndaphunzira pa mafunso a chithunzi chobisika

Mafunso awa ndi aja amakupatsa kachithunzi kosavuta, mwina ka mbali zinayi, n'kukuuza kuti ukapeze m'kati mwa chojambula chachikulu chodzadza mizere. Anatchuka ndi Kurt Gottschaldt wa ku Germany mu 1926, ndipo Herman Witkin wa ku America anawasandutsa mayeso enieni mu 1950. Nditawayankha ndi kuwaphunzitsa, izi ndi zimene zakhazikika mwa ine.

Choyamba, ndipo n'chimene ndimachigogomezera kwambiri: kachithunziko sikabisika chifukwa cha kuchuluka kwa mizere ayi, koma chifukwa mizere yake yabwerekedwa ndi zinthu zina. Jambulani bokosi la mbali zinayi, mulumikize ngodya zoyang'anizana ndi mizere iwiri yopingasana, lioneke ngati kumbuyo kwa envulopu. Maso amathamangira kuona zidutswa zinayi za ngodya zitatuzitatu. Komatu chilembo Z chilimo: mzere wapamwamba, mzere wopendekeka wochoka kumanja kumtunda kutsikira kumanzere, kenako mzere wapansi. Sichioneka msanga chifukwa diso lagawira kale mzere wapamwamba kwa bokosi, ndipo wopendekekawo laudula pakati. Ndiye ndimasiya kufunsa kuti "ndikuona chiyani?" Ndimatenga mzere umodziumodzi.

Chachiwiri, musasake chithunzi chonse nthawi imodzi. Sankhani mbali yake yosowa, monga ngodya yosongoka kwambiri kapena mzere wopendekeka pamene yambiri ili yowongoka. Malo amene mbali imeneyo ingakhale amakhala awiri kapena atatu basi, ndipo mumayambira pamenepo.

Chachitatu, pamene kachithunzi kakhota, chojambula chachikulu nthawi zambiri sichikhota. Mzere umapitirira, pensulo n'kumafuna kuutsatira. Ngodya imene mukuifuna imaoneka ngati mphambano chabe, choncho pamphambano iliyonse imani, muyang'anenso kumene kachithunzi kalowera.

Chachinayi ndi msampha umene umandimvetsa chisoni ndikaona wophunzira wakhama akugweramo. M'bokosi lomwe lija mulinso Z wotembenuka, amene mzere wake wopendekeka ukuchoka kumanzere kumtunda. Amafanana kwambiri ndi weniweni, koma pa mayeso a Witkin n'kulakwa, pakuti lamulo limati chithunzicho chikhale cha kukula komweko ndiponso choyang'ana komweko. Mayeso ena amalola kuti chizungulizidwe, ndiye werengani malangizo musanagwire pensulo.

Chomaliza, musakhulupirire diso likati "ndachipeza". Chidutseni ndi pensulo, mukuwerenga mbali zake, ndipo mbali iliyonse igwere pa mzere umene ulipodi. Mukafunika kuwonjezera kamzere kanu, ngakhale kakafupi bwanji, si chimenecho. Pa mayeso a gulu amene Witkin ndi anzake anatulutsa mu 1971, mafunso owerengedwa ndi 18, m'zigawo ziwiri za mphindi zisanu chilichonse, kutanthauza pafupifupi theka la mphindi pa funso. Limodzi likakanika, lidumpheni, mulibwerere nthawi ikatsala.