Phukusi Likagwidwa ku Kasitomu

Amayi anzanga, kuno ku Nkhamanga ndi nyumba zowerengeka zimene zilibe mwana kapena mlongo ku Joni, ndipo ambiri mwa iwo amakumbukira kwawo potumiza katundu. Koma kawirikawiri chimene chimafika pakhomo ndi kapepala konena kuti phukusi lagwidwa ku kasitomu. Ena akalandira kapepalako amayamba kulira poganiza kuti katundu wabedwa, pamene katunduyo ali bwinobwino pa shelefu kudikira mapepala.

Kuyambira chaka cha 2000, ntchito yotolera msonkho wa katundu wolowa m'dziko muno ili m'manja mwa bungwe la Malawi Revenue Authority, limene timangoti MRA. Mkulu wa kasitomu akatenga phukusi amafuna kudziwa zinthu zitatu basi: mwini wake ndani, m'katimo muli chiyani, ndiponso zinagulidwa ndalama zingati. Pepala lililonse limene angakufunseni ndi loyankha limodzi mwa mafunso amenewa.

Ndifotokoze za mayi wina wa m'gulu lathu la zosokasoka kufupi ndi Bolero. Mwana wake anamugulira makina osokera atsopano ku Johannesburg pa mtengo wa R3,000, nawatumiza pa positi atalipira R800. Potumiza phukusi kunja kwa dziko, munthu amadzaza fomu imene imamatidwa pamwamba pake, ya CN22 ngati katundu ndi wa mtengo wochepa, kapena ya CN23 ngati ndi wa mtengo wokwererapo. Mnyamatayo, pofuna kupeputsira mayi ake msonkho, anangolemba kuti katundu wa m'nyumba, mtengo R500, nachonga kabokosi ka mphatso. Atatsegula phukusi, a kasitomu anapeza makina onyezimira ali m'katoni yake ya kusitolo. Ndani angavomere kuti makina otere ndi a R500? Phukusi linakhala pomwepo.

Chinatulutsa makinawo ndi mapepala atatu amene mnyamatayo anajambula pa foni natumiza, ife nkukasindikiza. Loyamba linali invoisi ya kusitolo. Invoisi yeniyeni imakhala ndi dzina ndi keyala ya sitolo, tsiku logulira, nambala yake, dzina la katundu ndi mtundu wake, kuchuluka kwake, mtengo, ndi mtundu wa ndalama, kaya ndi marandi kaya madola. Kapepala kolemba pamanja kopanda dzina la sitolo sikapita patali. Chenjeraninso ndi pepala limene a sitolo amapereka munthu asanagule, longomuuza mtengo. Limafanana kwambiri ndi invoisi, koma silisonyeza kuti ndalama zinatuluka. Nchifukwa chake pepala lachiwiri linali lofunika: umboni wa ku banki wosonyeza kuti tsiku lomwelo R3,000 inachoka m'buku la mnyamatayo kupita ku sitolo yomweyo. Invoisi ndi umboni wa malipiro zikagwirizana pa tsiku, pa dzina ndi pa ndalama, mkangano wa mtengo umatha msanga. Lachitatu linali lisiti ya ku positi ofesi ya R800 ija.

Mwina mudabwa kuti lisiti yotumizira ikulowapo bwanji. Msonkho suwerengedwa pa mtengo wa kusitolo wokha ayi. Amaphatikiza mtengo wogulira, ndalama zotumizira, ndi inshuwalansi ngati inalipidwa. Choncho makina aja anawerengedwa pa R3,800, ndipo ndalamazo zinasinthidwa kukhala makwacha pa mlingo umene a kasitomu akugwiritsa ntchito nthawi imeneyo, osati wa anyamata osintha ndalama kumsika. Tsono misonkho imasanjikizana. Tiyerekeze kuti katundu wina wakwana K100,000 ndipo msonkho wake wolowera ndi K25 pa K100 iliyonse. Msonkhowo ukhala K25,000, ndipo msonkho wa VAT adzauwerengera pa K125,000, osati pa K100,000. Mtundu uliwonse wa katundu uli ndi mlingo wakewake, ndiye pemphani kuti akulembereni chiwerengero chonse papepala musananyamuke ndi ndalama.

Nanga mawu oti mphatso aja? Kunena zoona, ana athu amawakhulupirira mopitirira. Mphatso imatanthauza kuti inu wolandira simunalipire kanthu, koma katunduyo mtengo ali nawo ndithu. Ndipo invoisi ikasowa, mkulu wa kasitomu sangokhala manja lende. Amayang'ana mtengo wa katundu wofanana naye amene analowapo kale, nkuwerengera pamenepo, ndipo mtengo umenewo ungathe kuposa umene mwana wanu analipira, makamaka ngati anagula pa selo. Kubisa mtengo kungabweretsenso chindapusa pamwamba pa msonkho. Ine ndimaona kuti kulemba zoona ndiyo njira yotsika mtengo.

Pali vuto lina limene ndi lathulathu kuno kumpoto, la maina. Mayi amene mudzi wonse umamudziwa kuti NyaGondwe kapena NyaMhango, pa chiphaso cha unzika chimene tinalembetsa mu 2017 ali ndi dzina lina lathunthu. Mwana akalemba pa phukusi dzina la pamudzi kapena la mwamuna wanu, pamene chiphaso chikunena zina, wogwira ntchito sangakupatseni katunduyo msanga, ndipo sakulakwa, poti akuteteza katundu wanu yemwe. Zikatero pamafunika kalata yochokera kwa wotumiza yotchula dzina la pa chiphaso ndi nambala ya phukusi. Nambala imeneyi musaitaye: pa positi imayamba ndi zilembo ziwiri, kenaka manambala 9, nkumalizira ndi zilembo ziwiri za dziko lochokera, monga ZA ngati lachokera ku South Africa. Mukatuma munthu wina kuti akakutengereni, anyamule kalata yanu yomuloleza, chiphaso chake ndi kope la chiphaso chanu.

Ife a magulu tisamalenso ndi kuchuluka kwa katundu. Nsalu ziwiri ndi za mwini wake, koma nsalu 40 za mtundu umodzi aziona ngati malonda, ngakhale mutanena kuti ndi yunifolomu ya gulu. Pamenepo angafune mndandanda wa zonse zili m'katoni, nambala yanu ya msonkho yotchedwa TPIN, mwinanso ejenti wovomerezeka woti akudzazireni mafomu, ndipo iyeyo ali ndi malipiro ake. Mankhwala ndi mbewu ndi nkhani ina: invoisi yokha siingazitulutse popanda chilolezo cha oyang'anira mankhwala kapena cha a zaulimi.

Ulendo wochoka ku Bolero, kudzera pa Rumphi boma mpaka ku Mzuzu umadya tsiku lathunthu ndi ndalama zosachepa, ndiye musaupange kawiri. Yambani mwaimba foni pa nambala ya ofesi imene yakutumizirani uthenga, mufunse kumene phukusi lili, chimene laimira, ndi mapepala amene akufuna. Wina akakuimbirani kuti mutumize ndalama za kasitomu pa nambala ya foni yake, dziwani kuti ndi wakuba. Msonkho weniweni umatuluka ndi lisiti ya MRA yokhala ndi dzina lanu. Musazengerezenso podikira ndalama za fodya, pakuti katundu wokhalitsa angayambe kuwerengedwa lendi yosungira, ndipo wosatengedwa konse amadzagulitsidwa pa okushoni. Mapepala mukapereka, perekani makope, enieniwo abwerere nanu kunyumba pamodzi ndi lisiti ya msonkho.