Imelo yanga ya mizere iwiri inasiya mtedza m'manja mwa mavenda

Ntchito yanga ndi yolangiza magulu a alimi pa za misika, ndipo nthawi zambiri ndimakhala ndikukumanitsa anthu. Kale ndinkaona ngati kukumanitsa anthu pa imelo n'kungoika mayina awiri pamwamba basi. Amene anavutika ndi kaganizidwe kangaka si ine ayi, ndi alimi a kopaletivi ina ya ku Mchinji.

Wapampando wawo, mayi wolimbikira zedi, anali ndi matumba 200 a mtedza wa CG7 woswa kale, lililonse la makilogalamu 50. Ku Lilongwe ndinkadziwana ndi bambo wina wa fakitale ya chiponde amene ankadandaula za mtedza wachuku. Ndinawalembera onse pamodzi kuti: “Bwana, dziwanani ndi mayi awa a ku Mchinji. Ndikhulupirira muthandizana.” Pa mutu ndinangolemba kuti “Moni”.

Panalibe anayankha. Pofika mu Ogasiti alimi anafuna ndalama za fizi ndi zina za pakhomo, mtedza wonse n'kupita kwa mavenda pa mtengo wongotaya. Nditawafunsa mayi aja, anati: “Alangizi, ine ndikanayamba bwanji kulembera bwana amene sanandiitane? Ndimadikira iwo.” Bambo ajanso anandiuza mosabisa kuti ataona mawu oti “muthandizana” anaganiza kuti ndi gulu lopempha thandizo, poti makalata otero amawafikira kawirikawiri. Mawu oti mtedza munalibe m'kalata monsemo. Chifukwa choti awiriwa alankhulane chinatsala m'mutu mwanga, ndipo zimandiwawabe chifukwa khasu ndi thukuta zinali za eni.

Chaka chotsatira ndinayamba ndi kupempha chilolezo. Ndinaimbira aliyense payekha, n'kumufotokozera za mnzakeyo, n'kufunsa ngati akufuna ndiwalumikize. Poyamba paja sindinatero, ndipo munthu amene wangomugwetsera mlendo mu imelo amasowa pokanira, ndiye amangokhala duu. Pa foni pomwepo bambo aja anandiuza zimene sindinkazidziwa: salipira asanayeze mtedza, ndipo safuna katundu yense tsiku limodzi chifukwa mosungira ndi mochepa. Onse atavomera, ndinalemba chonchi, mutu wake uli “Mtedza wa CG7, matani 10, Mchinji”:

“Bwana ndi Mayi Wapampando, monga tinakambirana pa foni. Bwana, mayiwa amatsogolera kopaletivi imene ili ndi matumba 200 a CG7 wa chaka chino. Ndinafika kumeneko ndipo ndinaona ndi maso anga kuti amaumitsa mtedza bwinobwino ndipo sauwaza madzi pouswa. Za chuku sanayezetse. Mayi, bwanawa amapanga chiponde ndipo amagula mtedza mwezi ndi mwezi, koma amayamba auyeza asanalipire. Za mtengo ndi thiransipoti mukambirana nokha. Mayi, muwaimbire bwanawa Lachiwiri m'mawa pa nambala ili m'munsiyi kuti mugwirizane zotumiza sampulo. Akuyembekeza foni yanu. Ine ndalekera pano.”

Chiganizo chonena woyamba kuimba ndi chimene chinamasula mayi aja. Kwathu kuno wamng'ono sathamangira kulankhula kwa wamkulu, ndipo wamkulu wotanganidwa sasaka munthu amene sakumudziwa. Choncho wokumanitsa anthu ayenera kuchita ngati nkhoswe, kunena poyera amene ayambe kulankhula ndi tsiku lake. Ndinasankha foni osati imelo podziwa kuti mayiwo amatsegula imelo mwa apo ndi apo, akapeza bandulo ndi netiweki, ndipo ndinawatumizira uthenga pa WhatsApp kuti kalata yapita.

Pamene ndinalimbana napo kwambiri ndi pa mawu oti “za chuku sanayezetse”. Mtima unkafuna ndilembe kuti mtedzawo ndi wabwino zedi, poti alimiwo ndimawakonda ndiponso ndinali ndi ngongole kwa iwo. Koma poizoni wa chuku, aflatokisini, saoneka ndi maso nthawi zonse. Mtedza ukhoza kuoneka woyera uli nayeyo. Ndikanatsimikizira chimene sindinayeze, thumba limodzi loipa likanaononga dzina la kopaletivi pamodzi ndi langa, ndipo bambo aja sakanakhulupiriranso kalata yochokera kwa ine. N'chimodzimodzi ndi mtengo: ndikanautchula ine, mmodzi wa iwo akanaona ngati ndamugulitsa asanatsegule pakamwa.

Mayi aja anaimba Lachiwiri lomwelo. Sampulo inapita ku Lilongwe pa minibasi, ndipo bambo aja atayeza anatenga matumba ambiri m'maulendo angapo, ena n'kuwabweza chifukwa cha chinyezi. Panalibe mkangano pa obwezedwawo, popeza mayiwo anali atawerenga kale m'kalata kuti kuyeza kumayamba, malipiro pambuyo. Anawayanikanso n'kukawagulitsa kwina.