Kulondola Wogula Kuchokera pa Vidiyo Kufika pa Malipiro

Nambala ya oonera vidiyo imanena zochepa kwambiri za malonda. Kwa zaka zambiri Facebook inkawerenga munthu ngati woonera akangotha masekondi atatu, ndipo TikTok imayamba kuwerenga vidiyo ikangoyamba kusewera, ngakhale chala chikudutsa. Ntchito ya wolondola malonda ndiyo kupeza kuti mwa anthu onsewo ndi angati amene adalembetsa kapena kutulutsa ndalama, ndipo chida chake ndi linki yokhala ndi chizindikiro.

Zizindikiro zodziwika kwambiri ndi za UTM, dzina lochokera ku Urchin, kampani imene Google idagula mu 2005. Ndi timawu tolumikiza kumchira kwa linki:

```
https://example.com/oda?utm_source=facebook&utm_medium=video&utm_campaign=keke_ukwati
```

Apa `utm_source` ikunena kumene munthu wachokera, `utm_medium` ikunena mtundu wa chimene chamukoka, ndipo `utm_campaign` ndi dzina la malondawo. Akadina linki, Google Analytics imalemba timawuti pamodzi ndi zimene wachita pa webusayiti, monga kudzaza fomu. Kalembedwe kasasinthesinthe: `Facebook` ndi `facebook` amawerengedwa ngati malo awiri, ndipo manambala amagawikana.

Koma ku Chinyonga, monganso ku Ndirande ndi ku Bangwe, malonda ambiri sathera pa webusayiti. Wogula amafunsa mtengo pa WhatsApp, amanenerera, kenako amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, kapena amabwera nazo m'manja. Google Analytics siona chilichonse cha zimenezi. Mkuzi umadukira pamenepa, ndipo amaulumikiza ndi linki ya WhatsApp yobwera ndi uthenga wolemberatu:

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX?text=Ndikufuna%20keke%20FB1
```

Nambala imalembedwa popanda 0 woyambirira, ndipo `%20` amaimira mpata pakati pa mawu. Vidiyo iliyonse imapatsidwa chizindikiro chake. Pa TikTok, pamene linki yolembedwa pansi pa vidiyo sidinika, chizindikirocho chimalembedwa pa vidiyo penipeni, wogulitsa nkunena kuti wochitchula amuchotserako pang'ono mtengo.

Tiyerekeze mayi wophika makeke ku Chinyonga amene waponya mavidiyo awiri. Yoyamba, ya TK1, ndi yovina ali ndi keke m'manja. Yachiwiri, ya FB1, ikuonetsa keke ya ukwati ikudulidwa, mtengo wake utalembedwa poyera. M'kope lake amalemba tsiku, chizindikiro, dzina la wofunsa ndi ndalama, ndipo malo a ndalamawo amadzaza pokhapokha uthenga wa Mpamba kapena Airtel Money ukalowa, chifukwa "ndikuuzani mawa" si oda. Pakutha mwezi, TK1 yaonedwa ka 8,000, yabweretsa mauthenga 40 ndi olipira atatu. FB1 yaonedwa ka 1,200, mauthenga 25, olipira 9. Pa oonera 1,000 alionse, yovinayo sidafikitse ngakhale wogula mmodzi, pamene inayo idabweretsa oposa 7. Ndalama yotsatsira iyenera kupita ku FB1, ngakhale anzake onse akumuyamikira pa yovina ija. Kope likuonetsanso pamene TK1 ikutayira anthu: ofunsa alipo, koma akuthawa akamva mtengo umene vidiyoyo sidautchule.

Vuto limene limasokoneza ambiri kuno ndi la mabandulo. Munthu amene wagula bandulo ya Facebook kapena ya WhatsApp yokha amaona vidiyo bwinobwino, koma akadina linki yopita ku webusayiti ina, tsamba silitseguka. Chizindikiro chake nchakuti Facebook imaonetsa odina ambiri, Google Analytics nkuonetsa ofika ochepa. Wosadziwa amaganiza kuti katundu wake sakukondedwa, chikhalirecho anthu adakanika kulowa pakhomo. Nchifukwa chake kwa wamalonda wamng'ono ndi bwino kulembanso nambala ya foni ndi chizindikiro pa vidiyo, osadalira linki yokha.

Linki imayendanso m'manja mwa anthu. Ya FB1 ikatumizidwa mu gulupu ya WhatsApp ya komiti ya ukwati, onse odina kumeneko amaonekabe ngati achokera ku Facebook. Linki yopanda chizindikiro ikadinidwa mu WhatsApp, Google Analytics nthawi zambiri imaiponya pa `Direct`, ngati munthuyo adangoilemba yekha. Enanso amafufuta uthenga wolemberatu nkuyamba ndi moni wawo, monga mwa ulemu wathu. Amenewa amafunsidwa pomwepo kuti adaona pati.

Chizindikiro chimapereka ulemu wonse kwa vidiyo imene yadinidwa pomaliza. Mayi amene adaona keke pa TikTok mu Juni, nkuuza mlamu wake ku Zingwangwa, mlamuyo nkudzagula mu Ogasiti kudzera pa FB1, salembedwa paliponse. Pa malonda olipiridwa, Meta imawerengera wogula amene wagula pasanathe masiku 7 atadina, kapena tsiku limodzi atangoona, choncho nambala yake kawirikawiri siigwirizana ndi ya m'kope. Zikasiyana chonchi, yokhulupirika ndi ya m'kope, poti mzere uliwonse wa wolipira uli ndi uthenga wa ndalama kumbuyo kwake. Ndipo olipira akakhala ochepa ngati atatu ndi 9, kuyezaku kubwerezedwe mwezi wina vidiyo isanaweruzidwe, makamaka ngati mwezi woyambawo udagwera m'nyengo ya maukwati.