Mabenchi Awiri a mu Queen Victoria Street

Bambo wina wa ku Dedza, amene amagwira ntchito ya m'maluwa ku Cape Town, ali ndi chizolowezi chowerenga dziko poyang'ana zimene boma lidakhomera m'mbali mwa msewu. Amati phiri silinena zambiri za eni dziko, koma malo odikirira basi sabisa kanthu.

Kwawo siteji ndi mtengo wa mango kapena khonde la golosale, ndipo minibasi imaima paliponse pamene munthu wakweza mkono. Ku Cape Town adapeza masiteji a MyCiTi, mabasi amene adayamba kuyenda mu 2010, chaka cha mpikisano wa mpira wa dziko lonse. Pali denga, mapu ndi ndandanda ya nthawi, koma dalaivala salandira ndalama pamanja; wopanda khadi amatsala. Zikwangwani zambiri za mzinda zili m'Chingerezi, Chiafrikaansi ndi Chixhosa, ndipo chimenecho chokha chimasiyanitsa chigawo chino ndi Durban, kumene Chizulu ndicho chimalamulira.

Chimene chidamuimitsa kwenikweni chili mu Queen Victoria Street, kuseri kwa munda wa Company's Garden. Tsiku lina, miyendo itatopa ndi kusaka ganyu, adaona mabenchi awiri a matabwa pakhomo pa nyumba ya khoti lalikulu. Atayandikira adawerenga kuti limodzi ndi la azungu okha, linalo la amene si azungu. Mtima udamugunda, poganiza kuti tsankho lidakali ndi mpando wake pakati pa mzinda.

Sadadziwe kuti mabenchiwo ndi chikumbutso, ntchito ya mmisiri Roderick Sauls. M'nyumba imeneyo ndimo munkakhala bungwe lomva madandaulo a anthu okana mtundu umene boma lidawalembera pansi pa lamulo la 1950 la kalembera wa mitundu, lomwe lidathetsedwa mu 1991. Munthu ankalowa ali wa mtundu wina n'kutuluka ali wa wina, ndipo chigamulocho chinkasankha kumene adzakhale, amene angamukwatire ndi sukulu ya ana ake. Lamulo lina, la 1953, ndilo lidagawa mabenchi, mabasi ndi magombe a nyanja. Pamatabwawo padalembedwa mawu a m'malamulo ofotokoza kuti mzungu ndani, ndipo kuwawerenga lero kumaseketsa ndi kuwawa nthawi imodzi.

Izi adamufotokozera mayi wina wachikulire wa ku Athlone, amene adamupeza ataima ngati mlonda.

“Khalani, bambo,” adatero mayiwo. “Lililonse. Ife tidadikira nthawi yaitali.”

Iye adayang'ana mabenchi onse awiri. M'thumba la malaya munali chikalata chake chokhalira m'dzikomo, chopindika m'makona, chotsala ndi milungu itatu kuti chithe. Adakhala pa benchi la azungu, m'mphepete penipeni, chipewa chili pabondo, ndipo mayiwo adakhala pambali pake n'kuyamba kusenda nachesi.