Tsamba Lachitatu la Wilo ya Malemu

Anzanga, ndikupatseni chiganizo ichi muchiwerenge kawiri: "Nyumba ya ku tauni asunge mayi mpaka ana atakula." Mwachimva bwino, eti? Tsono ndiuzeni, mayi akewo ndi ati? Mkazi wa wolembayo, kapena mayi ake omubereka? Nanga kusungako ndiye kuti nyumbayo yakhala yawo, kapena akungoyang'anira m'malo mwa ana? Ngati mwayamba kukanda m'mutu, mwafika pomwe ndinafika ine usiku wina, nditayala patebulo fotokope ya pepala lothothola m'kope, lolembedwa pamanja ndi bambo amene anali atagona kale kumanda.

Ine ndimamasulira zikalata. Pepalalo linali wilo, ndipo linachokera ku ofesi ya loya wina kuti ndiliike m'Chingerezi, poti zolemba za m'makhothi athu zimayenda m'Chingerezi. Lamulo la 2011 loona za chuma cha masiye limafuna kuti wilo ikhale yolembedwa, mwini wake asayine, ndipo pakhale mboni ziwiri. Malemuwa zonsezi anachita. Vuto linali loti analemba monga munthu wolankhula ndi abale ake pakhonde, anthu odziwa kale kuti akati mayi akunena yani. Woweruza sadzakhala pakhondepo. Adzangowerenga Chingerezi changa, n'kukhulupirira kuti ndi mawu a malemu.

Ndiulule pano kuti poyamba ndinamasulira mizere yonse 14 m'mphindi 40 zokha. Chingerezi chake chinali chosalala, chopanda potsakamira. Ndinali nditalemba kuti mkazi wanga atenge nyumba, mdzukulu ndinamusandutsa mwana wa mwana, basi ntchito yatha. Nditawerenganso m'mawa, thupi linachita tsembwe. Malo atatu ndinali nditagamula mlandu ndekha, mwakachetechete, popanda wondituma. Chichewa cha malemu chinali ndi matanthauzo awiri, ine n'kusankha limodzi n'kufufuta linalo, ndipo wowerenga Chingerezicho sakanadziwa n'komwe kuti panali posankha.

Apa m'pamene pamalowera tsamba limene timaphatika kumapeto kwa chikalata chomasuliridwa, la mawu a womasulira. Ntchito yake ndi imodzi: kuonetsa wowerenga malo onse amene ndinakakamizika kusankha, chimene ndinasankha, ndi chifukwa chake.

Mfundo iliyonse ndimailemba m'ndondomeko yofanana. Ndimayamba ndi nambala ya mzere, kuti loya asavutike kufufuza. Kenako ndimakopera mawu a Chichewawo ndendende momwe alili, ngakhale kalembedwe kake kali kolakwika. Ndikatero ndimayala matanthauzo onse amene mawuwo angathe kunyamula, ndimanena limene ndaika m'Chingerezi, ndipo ndimapereka chifukwa chochokera m'pepala lomwelo. Pomaliza ndimatchula ngati nkhaniyo singathe ndi chilankhulo chokha.

Taonani momwe mfundo yoyamba inakhalira, ndaibwezera m'Chichewa kuti tiyendere limodzi:

"1. Mzere 4, mawu oti 'mayi'. Angatanthauze mkazi wa wolembayo kapena mayi ake omubereka. Ndamasulira kuti mkazi, chifukwa pa mzere 11 wolembayo potchula kholo lake wanena kuti 'mayi anga ondibereka', kusonyeza kuti amawasiyanitsa awiriwa. Uku n'kuganizira kwanga. Pa mzere 4 palibe dzina."

Mwaona kuti chifukwa changa sichinachokere kumudzi kapena m'mutu mwanga. Chili pa mzere 11, ndipo aliyense wokayika akhoza kukayang'ana yekha n'kunditsutsa. Mfundo yosatheka kuitsutsa motere imakhala yopanda ntchito kwa loya.

Mawu oti "asunge" anandivuta kuposa pamenepo. Inu nomwe mukudziwa kuti mnzako akati "sunga njingayi", nthawi zina ndiye kuti adzaitenga mawa, nthawi zina wakupatsiratu mwaulemu. Chingerezi cha malamulo chili ndi mawu apadera a munthu wogwirizira chuma m'malo mwa ena, ndipo mawuwo amabwera ndi maudindo ake. Ndikanawagwiritsa ntchito, ndikanamuveka malemu jekete la loya limene sanavalepo. Ndikanalembanso kuti mayiwo atenge nyumba, ana akanatha kudzauzidwa kuti bambo awo anaipereka. Ndinasankha mneni wamba wa Chingerezi amene nayenso amalola zonse ziwiri, ndipo pa tsamba lija ndinafotokoza kuti ndachita dala. Pa mawu oti "atakula" sindinaikepo zaka 18 ayi. Malemu sanatchule zaka, ndipo kwathu kuno kukula kungakhale kutha msinkhu, kukwatira, kapena kumaliza sukulu. Ndinangolemba kuti msinkhu sunatchulidwe.

Yachiwiri ndi imene inanditayitsa tulo. Mzere 7 unati: "Dimba la kudambo ndi ng'ombe zinayi ndapatsa mdzukulu wanga wamkulu." Ambiri a ife a m'tauni tikamva mdzukulu timaona mwana wa mwana wathu. Koma pitani kumidzi ya kuchikamwini mukamve akuluakulu akulankhula: mwana wa mlongo wako ndi mdzukulu wakonso, ndipo m'mabanja otsata kuchikazi ameneyu si munthu wamba pa nkhani ya minda. Chingerezi chilibe liwu limodzi lokwanira onse awiri. Chili ndi liwu la mwana wa mwana, ndi lina la mwana wa m'bale kapena mlongo, ndipo chimakukakamiza kutola limodzi. M'pepala lonse munalibe chondithandiza kusankha. Ndiye sindinasankhe. Ndinasiya liwu loti mdzukulu momwemo m'kati mwa Chingerezi, n'kuikapo kanambala kolozera ku tsamba langa, kumene ndinalemba matanthauzo awiriwo ndi chiganizo ichi: "Chilankhulo chokha sichingathetse funsoli."

Mwina mukuti, bwanji osangoimbira foni achibale n'kufunsa? Aaa, pamenepo ndiye pali msampha. N'zoona kuti safunsa anadya phula, koma pa chuma cha masiye wachibale aliyense ali ndi mbali yake. Mukafunsa mwana wa mlongo adzati mdzukuluyo ndi iye, mukafunsa mwana wa malemu adzaloza mwana wake. Yankho lililonse ndikanalilowetsa m'Chingerezi, likanaoneka ngati mawu a malemu pamene lili la munthu wamoyo wofuna ng'ombe. Kufunsako kulipo, koma n'kwa loya ndi khothi, kudzera mwa mboni zolumbira. Ine mbali yanga ndi kuwasonyeza pofunika kufunsa.

Yachitatu inali kaliwu kakang'ono. Mzere 8 unati: "Iye asavutitsidwe ndi abale anga." Chichewa chathu sichisamala kuti iye ndi mwamuna kapena mkazi, pamene Chingerezi sichingayende osanena. Ndikanalemba liwu lachikazi, chitetezocho chikanagwera mayi a pa mzere 4. Ndikanalemba lachimuna, ndiye kuti ndalengeza kuti mdzukulu uja ndi mnyamata. Ndinalemba kuti "munthu ameneyu", ndipo pa tsamba langa ndinati liwuli layandikana ndi mdzukulu, komanso malemu akanena za mayi amalemba mwaulemu kuti "iwo", choncho likuoneka kuti likuloza mdzukulu. Ndinati likuoneka, sindinati ndi choncho.

Kupatula matanthauzo awiriawiri, pali zinthu zina zimene womasulira amangoziganizira, ndipo nazonso ziyenera kulembedwa. Deti linalembedwa kuti 4/7/2019. Ndinaliwerenga ngati 4 Julaye, poti kuno timayamba ndi tsiku, koma ndinanena kuti ndaganiza motero, chifukwa wozolowera kalembedwe ka ku Amereka angawerenge 7 Epulo. Pa nambala ya poloti panali chilembo chimene chikanatha kukhala 1 kapena 7. Ndinachiyerekeza ndi 7 wa pa deti, amene malemu anamudula kamzere pakati, ndipo cha pa poloticho chinalibe kamzere. Ndinalemba 1, n'kuwonjeza kuti ndinagwiritsa ntchito fotokope, choncho ayang'ane pepala lenileni.

Tsono musaganize kuti tsamba lalitali ndiye labwino. Poyamba ndinali ndi mfundo 19. Ndinali nditalemba ngakhale za kusiyana kwa munda ndi dimba, ndi zoti malemu analemba "ngombe" popanda kachizindikiro. Loya wotanganidwa akaona mfundo 19 sawerenga ngakhale imodzi, ndipo ya mdzukulu ija imamira m'zinyalala. Ndinadzifunsa funso limodzi pa mfundo iliyonse: nditasankha tanthauzo linalo, kodi wolandira, kuchuluka kwa cholandira, kapena nthawi yolandirira zingasinthe? Zimene yankho lake linali ayi ndinazichotsa. Zinatsala zisanu ndi ziwiri, zokwana tsamba limodzi. Ndinachotsanso chiganizo china chimene ndinachikonda, chonena kuti mwachilungamo nyumbayo iyenera kukhala ya ana. Amenewo anali maganizo anga pa mlandu, ndipo palibe anandilemba ntchito yoweruza.

Nditakapereka, kalaliki wa pa ofesi ija anatembenuza masamba n'kuima pa lachitatu.

"Achimwene, ichinso n'chiyani? Bwana amafuna chikalata choyera. Izi zikuonetsa ngati simukudziwa Chingerezi."

Ndisaname, mawuwo anandilasa. Ntchito zanga zambiri zimachokera m'maofesi otere, ndipo womasulira wooneka wokayikakayika saitanidwanso. Anandipempha kuti ndithothole tsambalo, ndisankhe liwu limodzi pa mdzukulu, nkhani ithe. Ndinayankha kuti, "Akulu, ndikathothola, ndiye kuti ng'ombe zinayi ndagawa ndine." Komanso kuthothola sikukanatheka mwakachetechete. Masamba ndinali nditawalemba kuti 1 mwa 3, 2 mwa 3, 3 mwa 3, ndipo m'mawu otsimikizira amene ndimasayina pansi ndinali nditanena kuti kumasuliraku kuwerengedwe pamodzi ndi mawu a womasulira a pa tsamba 3. Ndimachita zimenezi nthawi zonse, chifukwa tsamba longophatikidwa ndi kapini limasochera pakati pa tebulo la kalaliki ndi la woweruza.

Anandilipira nkhope ili gwa, ine n'kumapita kukakwera minibasi ndikudziuza kuti kumeneko kwanga kwatha.

Patatha sabata ziwiri foni inalira. Anali loya mwiniwake. Sanataye nthawi ndi malonje. Anati malemu anasiya mwana wa mwana wawo wazaka 9, komanso mwana wa mlongo wawo wazaka za m'ma 30 amene ankalima nawo dimba lija, ndipo onse awiri pamaliro ankatchedwa adzukulu a malemu. Anati aitanitsa mboni ziwiri zija kuti zidzanene zimene zinamva tsiku losayina. Kenako anafunsa ngati ndingapezeke Lachinayi, poti panali pangano la malo lolembedwa pamanja, la masamba anayi, ndipo penapake munali mawu oti "ndabwereka".

Inu amene mumalemba ndakatulo, ndikudziwa kuti liwu la matanthauzo awiri mumalisakasaka ndi nyali. Lachinayi lija ine ndinakhala nalo pansi liwu loti "ndabwereka", n'kuyamba kufufuza m'masamba anayiwo kuti wapereka malo ndani, walandira ndani.