Mitanda Yofiira Siifanana

Pepala la masamu likabwera kucokera kwa mphunzitsi, mitanda yofiira iri pamenepo ioneka yofanana yonse. Wophunzira aiwerenga, aona malikisi amene ataika, ndipo pofunsidwa cifukwa cace ayankha mau amodzi mwa awiri awa. Wina ati, “Ndinangophonya pang'ono,” wina ati, “Ine ndiribe mutu wa masamu.” Pa zaka zimene ndakhala ndikuconga mapepala a ana, ndapeza kuti mayankho awiriwa kawirikawiri sanena zoona. Mtanda uuza munthu kuti yankho lace nlolakwa, koma suuza cimene calilakwitsa.

Magwero a yankho lolakwa ali atatu. Munthu angathe kuwerenga funso molakwa, nayankha cimene sanafunsidwe. Angathe kumva funso bwino, natsata njira yoyenera, koma nkuphonya pocotsa kapena pogawa. Angathenso kumva funso bwino ndi kuwerengera bwino, koma njira imene watsata nkukhala yosafika kumene afuna. Zitatu izi ziri ngati nthenda zitatu zimene zonse ziyamba ndi mutu kuwawa: wodwala amva cimodzimodzi, koma mankhwala ace asiyana. Inu amene mwatsiriza sukulu, kapena mufuna kulembanso mayeso, kapena muthandiza mng'ono wanu madzulo, muyenera kudziwa kuzisiyanitsa.

Tiyeni titenge funso limodzi limene ndipatsa ophunzira anga caka ndi caka. Funsolo liti: Mai wina anagula thumba la nshawa pa K240 kumudzi, nakaligulitsa pa K300 pa msika wa ku Chipata. Pezani phindu lace monga peresenti ya mtengo wogulira. Njira yace ndi iyi. Poyamba ticotsa 240 pa 300, ndipo phindu likhala K60. Pambuyo pace tigawa 60 ndi 240, ndiyo ndalama imene maiyo anaturutsa, ndipo tipeza gawo limodzi la magawo anai. Ticulukitsa ndi 100, yankho nkukhala 25 peresenti. Ndiko kunena kuti pa K100 iriyonse imene anaturutsa, anapindulapo K25. Funso ili ndilipatsa malikisi atatu: imodzi ya kucotsa, imodzi ya kugawa ndi mtengo wogulira ndi kuculukitsa ndi 100, ndi imodzi ya yankho lenileni.

Mnyamata wina analemba 300 kucotsa 240, napeza K60, nalemba mzere kunsi kwace, napita ku funso lina. Pa zonse zimene analemba panalibe colakwa ngakhale cimodzi. K60 ndilo phindu ndithu, koma funso silinafunse phindu la makwacha. Ici ndico cizindikiro ca funso lowerengedwa molakwa: yankho likhala loona, koma nla funso lina. Mnyamatayo ndinamuitana, ndipo sindinamuuze kanthu za masamu. Ndinangoti, “Werenga funsoli mokweza.” Pofika pa mau akuti peresenti anaima, nagwira pakamwa, natenga pensulo, natsiriza samuyo yekha mpaka 25. Akadafika pa mauwo nakhala cete osadziwa cocita, ndikadadziwa kuti anaima pa K60 cifukwa ca kusadziwa njira, si cifukwa ca kuwerenga mofulumira ai. Kuwerenga mokwezako ndiko kunasiyanitsa ziwirizi.

Mtsikana wina anapeza 67 peresenti. Yankho ili liri kutali ndi 25, ndipo woona msanga angaganize kuti mwanayo sadziwa kanthu. Koma potsata mizere yace umodzi umodzi, ndinapeza kuti cinamgwetsa ciri pa mzere woyamba pokha. Pocotsa 240 pa 300 anabwereka kwa 3 kuti acotse 4 pa 10, napeza 6, koma anaiwala kuti 3 uja tsopano watsala 2. Motero analemba 160 m'malo mwa 60. Kuyambira pamenepo anacita zonse moyenera: anagawa 160 ndi 240, naculukitsa ndi 100. Uku ndiko kuphonya powerengera. Cizindikiro cace nkuti mukakonza nambala imodzi ija, mizere yonse yotsatira ikhala bwino popanda kusintha njira. Mtsikanayu analandira malikisi awiri pa atatu, kuposa mnyamata uja amene nambala zace zinali zoona. M'mayeso ambiri a masamu oconga apatsa malikisi a njira padera ndi a yankho padera, cifukwa cace wolemba njira yace yonse poyera sataya zonse pa kuphonya kumodzi. Wongolemba 67 yekha, osaonetsa kumene wacokera, sapeza kanthu.

Wacitatu analemba 80 peresenti. Iye anagawa 240 ndi 300, naculukitsa ndi 100, ndipo kuwerengera kwace kunalibe banga: 240 kugawa ndi 300 kuculukitsa ndi 100 ndi 80 ndithu. Funso analimva, pakuti anadziwa kuti pafunika peresenti. Koma sanapeze phindu konse. Anangotenga nambala ziwiri zimene anaona m'funso, naika yaing'ono pamwamba ndi yaikuru pansi. Nditamuuza kuti awerengenso funso, anawerenga bwino lomwe, nabwereza 80 yemweyo. Nditamuuza kuti aonenso kuwerengera kwace, anaona, napezanso 80. Njira yolakwa muizindikira pamenepa: siicoka ndi kubwereza. Munthu wophonya akacitanso samu apeza yankho lina, koma wa njira yolakwa apeza yankho lomwelo nthawi zonse, ndipo alikhulupirira.

Atatu awa savuta kwenikweni. Yankho limene livuta ndi 20 peresenti, ndipo ndilo licuruka pa mapepala. Wolemba 20 wapeza phindu la K60 bwino, koma wagawa ndi 300 m'malo mwa 240. Poyang'ana pepala lokha simungathe kudziwa gwero lace. Kapena anawerenga “mtengo wogulitsira” pamene panalembedwa “mtengo wogulira,” pakuti mau awiriwa asiyana ndi zilembo zowerengeka zokha. Kapena akhulupirira kuti nambala yaikuru ndiyo ikhala pansi masiku onse. Mapepala a anthu awiri otere afanana mzere ndi mzere.

Pamenepa pafunika kumfunsa mwini wace, ndipo kafunsidwe kace nkofunika. Mukati, “Kodi sunaone kuti afuna mtengo wogulira?” mwampatsa kale pothawira, ndipo adzabvomera kuti sanaone, pakuti munthu aliyense akonda kuoneka wofulumira koposa kuoneka wosadziwa. Mufunseni cabe kuti, “Cifukwa ninji waika 300 pansi?” Pambuyo pace mpatseni funso latsopano la nambala zazing'ono zimene angathe kuziona m'mutu. Ine ndinena kuti: munthu wagula nkhuku pa K50, waigulitsa pa K100, phindu lace ndi peresenti zingati za mtengo wogulira? Ndinena mauwo pang'onopang'ono kuti pasakhale kusamva. Ndalama yabala inzace yolingana nayo, motero phindu ndi 100 peresenti. Amene anangowerenga molakwa ayankha 100 mosacedwa. Amene ayankha 50 wagawanso ndi mtengo wogulitsira, ndipo nthenda yace iri m'njira. Nambala zazing'ono zicotsa mpata wa kuphonya, kulankhula momveka kucotsa mpata wa kusamva, ndipo cikatsala colakwa, catsala ndi njira.

Palinso msampha wina umene ndifuna muudziwe. Kuphonya kumene kubwera pa malo amodzimodzi nthawi ndi nthawi sikuli kuphonya konse. Mtsikana uja anapeza 160, koma ana ena pocotsa 240 pa 300 apeza 140. Awa sanaiwale kanthu. Pa mzere uliwonse acotsa nambala yaing'ono pa yaikuru, osasamala iri pamwamba kapena pansi: 4 kucotsa 0 alemba 4, 3 kucotsa 2 alemba 1. Mukawapatsa 52 kucotsa 17 adzalemba 45 m'malo mwa 35, ndipo adzacita comweco mawa ndi mkuja. Imeneyi ndi njira yolakwa ya kacotsedwe, yobisala m'kati mwa samu ya peresenti. Kumuuza mwana wotere kuti asamale nkutaya mau, pakuti iye asamala kale, koma asamala potsata lamulo lolakwa.

Tsono mukatenga pepala lanu, kapena la mng'ono wanu, yambani ndi funso, musayambe ndi yankho. Bisani zimene zinalembedwa, werengani funso mokweza, ndipo nenani m'mau anu cimene cifunidwa ndi nambala zimene zapatsidwa. Mukatero bvundukulani, muone ngati zolembedwazo ziyankha cimeneco. Ngati ziyankha, tsatani mizere kufikira mutapeza mzere woyamba umene wapatuka, pakuti mizere ya pambuyo pace ingotsata mnzao. Pa mzere umenewo dzifunseni kuti: kodi cimene ndinafuna kucita pano cinali coyenera? Ngati cinali coyenera koma nambala inaturuka yolakwa, mwaphonya. Ngati simuona cifukwa cace mzerewo uli wolakwa mpaka wina akuuzeni, njira ndiyo yalakwa. Lembani pambali pa mtanda uliwonse liu limodzi, funso, kapena kuphonya, kapena njira, ndipo potsiriza muwerenge kuti ndi liti lacuruka.

Mankhwala ace atsata pamenepo. Wowerenga molakwa safunika kuphunziranso peresenti. Azolowere kulemba mzere kunsi kwa mau onena cofunidwa asanayambe, ndi kubwerera ku mauwo atatsiriza. Wophonya azolowere kuyesa yankho lace pobwerera m'mbuyo: mtsikana uja akadaphatikiza 160 ndi 240 akadapeza 400, ndipo akadadziwa pomwepo kuti pali cina, pakuti thumba linagulitsidwa pa K300. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo kuyesa kotere kutenga kamphindi cabe. Koma wa njira yolakwa, kumpatsa masamu makumi awiri a mtundu womwewo nkumuononga, pakuti adzangolimbitsa colakwaco kamakumi awiri. Iye afunika kukhala pansi ndi wina wodziwa, ndi kufunsa kufikira atamvetsa cifukwa cace phindu liyesedwa pa ndalama imene munthu anaturutsa m'thumba mwace. Akamvetsa cimeneco, pamenepo ndipo ayambe masamu makumi awiri aja.